Pawabanki ya Tsiku la Chiliza

A Baltazar sanabadwe ndi dzanja la khasu, ndipo ankayamba ndi iwo kuzinena anthu asanawanene. Mizere yawo inkayamba yowongoka kumutu kwa munda, koma pofika pakati inali itakhota ngati yaona njoka. Kwawo kunali ku Lifidzi. Anakwatira chikamwini m'mudzi wina kuseri kwa Fonte Boa, kwa anthu odziwa kulima mbatatesi, ndipo akuchikaziwo anazindikira msanga kuti mwana wawo Rosária wawabweretsera munthu wocheza naye, osati wolima naye.

Ali mnyamata ankanyamula matumba panjinga pa Kalomwe, kuwolotsa katundu wa eni kupita ku Dedza, mpaka maondo anakana. Kenako anagwira ntchito kwa munthu wina wogula nyemba. Ntchito yawo inali yopisa dzanja m'thumba ndi kusefa mchenga umene alimi ena ochenjera amathiramo kuti sikelo iwakomere. Zonsezi sizinawapatse dzina m'mudzi. Koma akuluakulu amati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo ya a Baltazar inabwera mochedwa, imvi zitayamba kale. Inali pawabanki, kabokosi kaja kosunga moto wa foni.

M'mudzimo munalibe magetsi. Foni ikatha moto, munthu ankayenda mpaka pamsika, kwa Ernesto wokhala ndi masola padenga. Choncho aliyense wopeza kangachepe ankalakalaka pawabanki, ndipo a Baltazar ndiwo anayamba kugula. Inali yagolide, yokhala ndi tochi ndi kasola kumsana, ndipo pamimba pake panalembedwa 80,000. Anayenda nayo mudzi wonse atayikoleka m'khosi. Inadzaza foni kamodzi, kachiwiri inalekeza pakati, kachitatu inangoyatsa tochi. Anayiyanika padzuwa pamodzi ndi mphale ya akazi awo kuti kasola kaja kagwire ntchito, koma mphale inauma, inapita kuchigayo, pawabanki ili chigonere.

Anapita nayo ku Vila, ku Ulongwe, kwa mayi wina wokonza mafoni dzina lake Celeste. Iye anayitembenuza kumsana, n'kuseka pang'ono.

"Abambo, kutsogoloku amalembera maso. Choonadi chimakhala kumbuyo, m'timalemba ting'onoting'ono. Apa mukuonapo chiyani?"

Panalibe kanthu, kupatula kasola kaja ndi chithunzi cha mphezi.

Celeste anawakhazika pabenchi n'kuwaonetsa ina yeniyeni. Anati nambala yaikulu ija, ngakhale pa pawabanki yachilungamo, imawerengera moto wa mabatire a m'kati, amene mphamvu yake ndi mavoti 3.7. Koma chingwe chimatulutsa mavoti 5. Pokweza motowo kuti ufike pa 5, nambala ija imatsika, ndipo moto wina umathera m'kutentha. Ya 20,000 yabwinobwino imapereka cha m'ma 12,000 kapena 13,000 basi.

"Ndiye kuti onse ndi akuba?" anafunsa a Baltazar.

"Iyayi. Thumba la chimanga mukakonola limabwerako lodzaza? Madeya achoka. Wachilungamo amalemba zonse ziwiri, chimanga ndi mphale. Wakuba amalemba matumba anayi pamene wakupatsani chidebe."

Mawu amenewo a Baltazar anabwera nawo kumudzi ngati awo. Sanamutchulenso Celeste.

Posakhalitsa anthu anayamba kuwatumizira zithunzi. Munthu akaima pa benchi ya wogulitsa pa Kalomwe kapena ku Vila, ankajambula pawabanki n'kutumiza kwa a Baltazar asanatulutse ndalama. Iwo ankakhala pansi pa mtengo wa pichesi, pamene netiweki inkagwira, n'kukulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri, nkhope ili ngati ya dokotala. Yankho loyamba linali limodzi nthawi zonse: "Tembenuzani, ndione kumbuyo."

Kumbuyoko ankafuna dzina la wopanga ndi nambala ya mtundu wake, zolembedwa moyera, osati zofufutika kapena zomata ndi kapepala kopendekeka. Ankafuna nambala ziwiri, yaikulu ya m'kati ndi yaing'ono yotuluka. Ankafunanso kanambala kotsatana ndi zilembo za Wh, ndipo anali ataloweza kuti 10,000 imayenda ndi 37, pamene 20,000 imayenda ndi 74. Zikasemphana, ankadziwa kuti wolembayo amangolemba. Ankayang'ana m'mphepete ngati zigamba ziwiri za bokosilo zakumana bwino, ndi timabowo ta zingwe ngati takhala mowongoka. Pomaliza ankauza munthu kuti ayijambule ili padzanja. Moto uli ndi thupi lake. Ya 10,000 imakhala ngati foni yonenepa, ya 20,000 imayandikira theka la kilo, ndipo kanthu kokwana m'thumba la shati kakamati kali ndi 50,000, ndiye kuti kakunama masanasana.

Sankalakwitsa kawirikawiri, ndipo akafunsidwa ankavomera kuti chithunzi sichiona m'mimba. Ankati wakuba wakhama angathe kukopera malemba onse, koma akuba ambiri ndi aulesi, ndiye kumbuyo amakusiya. Anthu anayamba kuwatchula kuti "a tekiniko". Dzinali ankalikana ndi pakamwa pokha.

A Rosária ndiwo sankawaopa. Akawaona pansi pa pichesi paja ankaima ndi khasu paphewa.

"Bambo a Inosenti, mbatatesi zija mukanazijambula kumbuyo, mwina mukanaona kuti zikufuna kupalira."

"Mayi, anthu akundidalira."

"Inenso ndinakuonani kutsogolo kokha. Nambala yake inali yaikulu."

A Baltazar ankaseka mpaka kutsokomola, chifukwa zinali zoona, ndipo palibe munthu wina amene ankawatukwana mokoma chonchi. A Rosária anadwala chimanga chili m'maondo. Pofika nthawi yokolola anali atagona kumanda a kwawo, kutsidya kwa dambo.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Inosenti, anali ku Joni. Mapepala ake sanali olongosoka, ndipo akanabwera kumaliro sakanabwereranso kuntchito. Analira pafoni, foniyo n'kuzima anthu asananyamuke ndi bokosi. Chaka chitatembenuka anatumiza ya simenti ndi ya mwala kuti amayi ake awamangire chiliza, ndipo anapempha zinthu ziwiri. Ankafuna kuona ndi maso ake, pa vidiyo, nsalu ikuchotsedwa pachilizacho. Ankafunanso kulankhula ndi agogo ake, amayi a malemuwo, ali pomwepo pamanda, chifukwa ndiwo anamulera ndipo maso awo anali atayamba kuchita khungu.

"Abambo, ulendo uno isazime," anatero Inosenti.

"Ukulankhula ndi tekiniko," anayankha a Baltazar.

Tsiku limenelo linali lalikulu kwa iwo pa chifukwa chinanso. Akuchikazi anali atanena kuti chiliza chikavundukulidwa adzawasudzula, kuwamasula kuti abwerere kwawo ku Lifidzi monga umanenera mwambo mkazi akamwalira. Panalibe mkangano. Koma munthu amafuna kuchoka pamudzi atachitapo chinthu chimodzi chowongoka.

Vuto linali lakuti foni yawo inali yokalamba, ndipo vidiyo pamalo a netiweki yofooka imamwa moto ngati ng'ombe yochokera kudambo louma. Payokha sikanatha ola. Pawabanki yawo yokhulupirika ya 10,000 inali itatupa mimba ndi ukalamba, ndipo anali atayichotsa m'nyumba, podziwa kuti yotupa ingathe kuyaka. M'mudzimo munali mapawabanki angapo abwino amene iwo omwe anawavomereza. Kubwereka kunali kosavuta. Koma tekiniko n'kumayenda khomo ndi khomo kupempha moto? A Baltazar anaona kuti zimenezo n'zochepetsa mwambo.

Zinachitika kuti a Afonso, malume a malemu Rosária, mwini mbumba, ankapita ku Kalomwe kukagula mpunga ndi mafuta a tsikulo. Anadzipereka okha kuti agulakonso pawabanki. Dzuwa lili pamutu chithunzi chinafika pansi pa pichesi. Inali yakuda, yonyezimira, yokhala ndi dzina limene a Baltazar anali asanalionepo, ndipo pamimba pake panali 60,000. Kenako foni inalira.

"Akamwini, foto mwaiona? Iyi ndiye yokaregara, yodzaza mafoni a mudzi wonse," anatero a Afonso.

Mawu aja oti "tembenuzani" anafika pamlomo n'kubwerera. A Baltazar anali atawanena kwa aphunzitsi, kwa akatekisita, ngakhale kwa wapolisi wina. Koma kwa mwini mbumba, munthu amene mawa lake adzaimirira kuwasudzula, kumuuza kuti chimene wasankha chiyambe chafufuzidwa? Mkamwini asamakule mwendo. Anafunafuna funso laulemu, n'kulipeza.

"Amalume, kodi ikulemera?"

"Dikirani."

Chithunzi chachiwiri chinabwera. A Afonso anali atayiika pa sikelo ya mayi wogulitsa nyemba pafupi pomwepo, ndipo muvi unapitirira pang'ono theka la kilo.

Apa m'pamene nzeru za a Baltazar zinawapweteka. Munthu wosadziwa kanthu akanangokondwa. Iwo anawerengera. Ya 60,000 yeniyeni ikanapitirira kilo, ikanakhala ngati njerwa, choncho iyi inkanama, zimenezo anaziona. Koma theka la kilo ndi thupi la 20,000. Ndiye kuti wabodzayo wangochulukitsa katatu, ndipo gawo limodzi loonalo likwanira tsiku lonse. Anadziyamikira mumtima kuti ndi anthu ochepa amene angaganize mozama chotero.

"Tengani, amalume. Mwasankha bwino."

Pawabankiyo inafika madzulo. A Baltazar anailandira ndi manja awiri, n'kupita nayo kuseri kwa nkhokwe kumene kunalibe maso a anthu. Anaitembenuza. Kumbuyo kunali kosalala ngati chipumi cha khanda, kopanda dzina, kopanda 74, kopanda chilichonse. Msoko wa m'mphepete unali woyasama moti chikhadabo chinkalowa. Anaiika kukhutu n'kuipendeketsa pang'onopang'ono, ndipo anamva kaphokoso kakang'ono kotsetsereka. Munthu amene anathera zaka akusefa nyemba za eni sakanafunsa kuti n'chiyani. Patapita nthawi Celeste anadzaitsegula n'kupezamo kabatire kamodzi kakang'ono ndi timatumba ta mchenga tomata bwinobwino, koma a Baltazar anadziwiratu tsiku lomwelo, ataima kuseri kwa nkhokwe.

Nthawi inalipo. Akanatha kulowa m'nyumba ziwiri zitatu n'kubwereka. Koma kutero kunali kulengeza kuti mwini mbumba wagula mchenga, ndipo wamuuza kuti agule ndi tekiniko. Anaganiza kuti mwina khutu lakalamba. Mamawa anapita nayo kwa Ernesto kukadzaza moto, ndipo asanamalize kapu ya tiyi ndi chigumu, timagetsi tonse tinayi tinali titayaka.

"Yachangu bwanji imeneyi," anatero Ernesto.

"Ndi zamakono," anayankha a Baltazar, akudziwa bwino lomwe kuti nkhokwe yodzaza msanga ndi yaing'ono. Ya 20,000 yeniyeni ikanakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Timagetsi tinayi timangonena kuti chimene chilimo chadzaza, sitinena kukula kwake.

Pobwerera anapeza anthu atasonkhana kale pakhomo, amayi akusenda anyezi, amuna atakhala pamabenchi obwereka kutchalitchi. A Afonso anawalanda pawabanki ija n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense awerenge nambala. Anauza anthu kuti wina asavutike kunyamula yake. Kenako analumikiza foni yawo, ndi ya mlamu wawo, kuti anthu aone kuti mabowo onse akugwira. A Baltazar ankayang'ana moto wa mwana wawo ukulowa m'mafoni a eni, akumwetulira ngati munthu wopondedwa chala ndi mfumu.

Mapemphero anayambira pakhomo. Inosenti anaonekera pafoni atavala shati yoyera, ali m'kachipinda ka malata, ndipo amayi a kwaya anamuimbira moni. A Baltazar anayenda nayo foniyo uku ndi uku, chingwe chikulendewera kuchokera m'thumba la jekete. A Eugénio, akatekisita, anali munthu wosafulumira pa mawu a Mulungu. Asanafike pakati pa ulaliki, a Baltazar anasuzumira m'thumba n'kuona timagetsi tiwiri. Posuzumiranso, kanatsala kamodzi, kakuphethira. Pamene anthu ankanyamuka kulowera kudambo, kanali katazima, ndipo pakona ya foni panaoneka kanambala kofiira kosonyeza kuti moto ukutha.

Anatsalira m'mbuyo, n'kuima pambali pa njira.

"Inosenti, mwana wanga, ndiyamba ndadula. Ndikuimbira tikafika."

"Bwanji abambo? Rede yavuta, netiweki yathawa?"

Bodza linali pafupi, ndipo mwanayo anali atawapatsa yekha. Koma anatopa nalo.

"Si rede. Bambo ako agula mchenga."

Inosenti anaseka kuseka kwa amayi ake, kotulukira m'mphuno, ndipo kusekako kunawapweteka a Baltazar kuposa kukalipa.

"Chabwino, a tekiniko. Sungani moto umene watsalawo."

Anathamangira kutsogolo, manyazi atawataya tsopano, n'kumafunsa munthu mmodzimmodzi. Mapawabanki onse anali atatsala kunyumba monga analamulira a Afonso. Mafoni amene analipo ambiri anali a mabatani. A mlamu aja anali ndi yaikulu, yodzaza bwino ndi moto wa m'mawa uja, koma inalibe mamega a intaneti, ya a Afonso nayonso mamega anali atathera pa zithunzi za dzulo lake, ndipo kugula kunali kumsika. Kubwerera kumudzi kunali kuwoloka dambo kawiri, pamene akatekisita anali atatsegula kale buku. Choncho Inosenti sanamve nyimbo za panjira, sanamve mbiri ya amayi ake imene a Afonso anaiyala bwino kwambiri, sanaone madzi odalitsa akuwazidwa. Bambo ake anaima pamenepo foni ili m'manja, chala chili chire, akudikira.

Amayi awiri atagwira m'makona a nsalu, a Baltazar anaimba foni. Inalira, inaliranso, ndipo nkhope ya Inosenti inabwera modukaduka. Nsalu inachoka. Chilizacho chinali chooneka bwino, cha matailosi oyera, mtanda uli kumutu. A Baltazar anagwada n'kuyandikiza foni pamwala, ndipo anthu onse anamva mawu aang'ono ochokera ku Joni akuwerenga dzina la amayi ake pang'onopang'ono, mpaka kumapeto. Amayi ena anayamba kulira. A Baltazar analira nawo, opanda dzanja lopukutira misozi.

"Agogo ali kuti?" anafunsa Inosenti.

Agogowo anali atakhala pamphasa chapatali, pamthunzi. Anawadzutsa, wina kugwira mkono uku, wina uku, ndipo anayamba kubwera ndi kayendedwe ka munthu amene sakuona pansi. A Baltazar ankayang'ana kanambala kofiira kaja, n'kuyang'ana mapazi a gogoyo, n'kuyang'ananso kanambala. Akanatha kuthamangira komweko ndi foni. Koma mwanayo anati pamanda, ndipo mkamwini sathamangira apongozi ake aakazi. Chikwatirire m'mudzimo anali asanaimepo nawo maso ndi maso. Akakumana panjira wina ankapatukira kutchire, ndipo mawu onse ankadzera mwa a Rosária.

Gogoyo anafika, n'kugwira mtanda ndi dzanja limodzi kuti atsamire. A Baltazar anagwada patsogolo pawo, nkhope atayang'ana kumbali, n'kukweza foni. Galasi la foniyo linali lakuda.

"Inosenti, mwana wa mwana wanga," anayamba gogoyo, "amako tawafunditsa bwino lero."

Anthu amene anali pafupi anaona kuti foni yazima. A Afonso anayang'ana nsapato zawo. A Baltazar anadikira kuti wina anene, monga ankadikirira zaka zonsezi kuti wina awanenere. Wowanenera uja ndi amene anali pansi pa matailosi.

"Amayi," anatero a Baltazar. "Yazima. Sakumva. Ndalakwitsa ndine."

Gogoyo anatembenuzira nkhope kumene kunachokera mawuwo, ngati akufuna kudziwa mwini wake.

"Ndinu bambo a Inosenti?"

"Ndine, amayi."

Dzanja la gogoyo linali likadali pamtanda.

"Mawu anu ndi otere kodi," anatero. "Basi, imvani inuyo, mukamuuze. Musasiyeko kanthu."

A Baltazar anatsitsa foni n'kuiika pansi. Gogoyo anayambanso kuchokera poyamba, ndipo iwo anamvetsera ali chogwada.